Bajeti ndi miyezi ya kafukufuku wanga wa amayi a kangaru, ndithandizeni ndisanatumize

Nangozo: Mwaswera bwanji anamwino anzanga. Ndabwera ndi nkhani yanga yija ya propozo, yatsala masabata awiri kuti atseke ndipo gawo la bajeti ndi la nthawi ndi limene landiimitsa mutu. Ndimagwira ku nesale pa chipatala cha boma, nkhani yanga ndi ya amayi a ana obadwa masiku asanakwane amene timawatulutsa ali pa kangaru, timawauza kuti abwerenso tidzaone sikelo ya mwana koma ambiri sabwera, ena timadzangowaona mwana atadwala kale. Ndikufuna kudziwa kuti amene sabwerera ndi angati komanso chimawalepheretsa ndi chani. Ndalemba kuti ndidzatsatira amayi 200 m'zipatala 4, chathu chachikuluchi ndi ma helefi senta atatu, kenako ndidzacheza mozama ndi amayi 20 ndi magulu 4 a zokambirana. Opereka ndalama akuti malire ndi madola 10,000, ntchito ithe pa miyezi 12. Ine ndagawa chonchi, mwezi woyamba chilolezo, miyezi itatu kutolera deta, kenako kusanthula ndi kulemba. Ndalama ndangogawa kuti zikwane 10,000 yo. Kodi ndili bwino kapena ndalakwitsa penapake?

Mai a Tada: Sisi zabwino zonse, nkhani yake ndiyabwino kwambiri ifenso kwathu kuno amayi sabwerera. Koma 10,000 pa chaka ndiyochepa, fizi ya masitazi yokha itha zonse, nanga lendi ndi chakudya? Afunseni ngati akulipiranso malo ogona

Nangozo: Ayi mai a Tada si ya sukulu iyi, ndi ya kafukufuku yekha, ine ndikhala ndili pa ntchito pompano

Mai a Tada: Oho pepani ndinawerenga mothamanga ndili pa naiti. Ndikutsatira

Anaphiri: Nangozo mwana wanga, tisanafike pa ndalama ndiyankhe funso limodzi. Wapita kukatsegula rejisitala ya kangaru m'zipatala zonse zinayi nkuwerenga kuti pa mwezi amatuluka amayi angati? Osati kuganizira ayi, kuwerenga ndi chala mzere ndi mzere, miyezi 12 yapitayi. Chifukwa miyezi itatu yako yotolera detayo ikunena kuti amayi pafupifupi 67 azilowa mu kafukufuku mwezi uliwonse. Ngati zipatalazo sizitulutsa amayi ochuluka choncho ndiye kuti miyezi itatuyo yangolembedwa pa pepala, ndipo amene amawunika ma propozo funso limeneli ndi limene amayamba nalo.

Nangozo: Ya kwathu ndikuidziwa amayi, ndi pafupifupi 30 pa mwezi. Za ku ma helefi senta ndiimbire anzanga andiwerengere, ndibwera

Achimwene a Deta: Podikira apo, ine langizo langa ndi losavuta, ikani 30 peresenti ya kontinjensi pamwamba basi, chilichonse chikavuta muzitapa pamenepo. Komanso musaiwale ma alawansi a akuluakulu a pa ofesi ndi ma inchaji, popanda zimenezo simuyenda

Wa ku Akaunti: Achimwene apa ndikutsutsani pang'ono. Ine ndimakhala ku ofesi yoona za ma granti, mabajeti ngati amenewa amadutsa pa tebulo langa. Mzere wongolembedwa kuti kontinjensi 30 peresenti ndi umene amayamba kudula, ena amakaniratu mzere woterewu mu malamulo awo, ena amalola kakang'ono. Ndiye Nangozo werengani kaye chikalata chawo cha malamulo, pali tsamba limene amalemba zimene salipira. Nkhani ya kukwera kwa mitengo ndi yoona, koma malo ake ndi mkati mwa mizere, mwachitsanzo mafuta a miyezi ya kumapeto muwaike pa mtengo wokwererapo nkufotokoza chifukwa chake. Za ma alawansi, ngati inchaji akugwira ntchito yeniyeni ya kafukufuku, monga kukudziwitsani tsiku lililonse kuti mayi wakuti akutuluka, lembani ntchitoyo ndi masiku ake. Koma mzere wa alawansi wopanda ntchito kumbuyo kwake a oditi adzakufunsani inuyo, osati amene analandira.

Achimwene a Deta: Chabwino koma za mitengo ndikunena zoona, funsani amene anali ndi ma projekiti 2023

Sisita wa ku Leba: Eeeh amenewo ndi ine. Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ndinali pakati pa kafukufuku wanga wa patogirafu. Vuto langa linali loti mgwirizano tinasainirana mu makwacha, ndiye ndalama inakhala yomweyo koma matabuleti awiri amene ndinali ndisanagule, pepala, mafuta, zonse zinakwera. Kotesheni imene ndinatenga mu Ogasiti atandiuza kuti sikugwiranso ntchito ndinakhala pansi. Mapeto ake ndinachotsa chipatala chimodzi ndipo msonkhano wokafotokozera zotsatira sunachitike, mpaka lero zimandiwawa chifukwa azamba aja anandithandiza kwambiri koma sanamve zimene tinapeza. Ndiye Nangozo funsa kuti mgwirizano udzakhala wa madola kapena makwacha, komanso ndalama ikafika idzasungidwa mu akaunti yanji. Ndipo zinthu zogula ngati rekoda ndi tabuleti gula mwezi woyamba ndalama ikangofika, osadikira.

Wa ku Akaunti: Zoona sisita. Ndipo chaka cha 2022 mu Meyi inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Nchifukwa chake pamwamba pa bajeti timalemba kuti dola tawerengera pa ndalama zingati ndi tsiku lake, kuti zikasintha mukhale ndi poyambira pokambirana nawo. Gwiritsani mtengo wa ku banki osati wa pamsewu, chifukwa ndalamayo idzalowera ku banki.

Nangozo: Ndabwera. Andiwerengera, helefi senta ya pafupi ndi tauni ndi 6 pa mwezi, ziwiri zakutali zija ina 5 ina 4. Kuphatikiza ndi 30 yathu zikukwana 45. Mtima wanga wagunda nditaona

Anaphiri: Usadandaule, kuli bwino kuti waziona lero kusiyana nkudzaziona ndalama utalandira kale. Tiye tiwerengere limodzi. Pa amayi 45 amenewo si onse adzalowe. Wina adzakana chifukwa akufuna afunse kaye bambo kunyumba, wina adzatuluka Loweruka madzulo wothandizira wako kulibe, wina kwawo ndi boma lina anangobwera kudzachira kwa amayi ake. Tinene kuti pa amayi 10 aliwonse upeza 8, ndipo apa ndakukomera mtima. Ndiye kuti 36 pa mwezi. Amayi 200 kugawa ndi 36 ndi miyezi 5 ndi theka kupitirira pang'ono, tingoti miyezi 6. Koma sizinathe, iwe ukutsatira amayi kuti uone ngati abwerera. Mayi womaliza kulowa pa mapeto a mwezi wa 6 uyenera kumudikira nayenso nthawi yake yonse. Walemba kuti udzawatsatira nthawi yaitali bwanji?

Nangozo: Masabata anayi kuchokera tsiku lotuluka, amene sanabwere timuimbira foni kapena kumuyendera kudzera kwa alangizi a zaumoyo

Anaphiri: Ndiye miyezi 7. Pamene unalemba 3 pakhale 7. Tsopano uone mmene nambala imodzi imeneyi ikugwedezera bajeti yonse, chifukwa malipiro a othandizira, mafuta, mayunitsi, zonsezi zimayenda ndi miyezi. Anthu ambiri amalemba bajeti tsiku lina, tebulo la miyezi tsiku lina, ngati zinthu ziwiri zosadziwana, kenako wowunika amaona kuti pa tebulo deta ikutoleredwa miyezi 6 koma pa bajeti othandizira alipidwa miyezi itatu. Akangoona zimenezo amadziwa kuti munthuyu sanakhale pansi. Ine ndimayamba ndi ntchito, kenako masiku ake, kenako ndani adzagwire, ndalama imabwera pamapeto. Iwe unayambira ku 10,000 nkumagawa chobwerera m'mbuyo.

Nangozo: Ndi momwemo ndithu amayi. Othandizira ndinaika awiri pa K300,000 aliyense pa mwezi, miyezi itatu inali K1,800,000. Pa miyezi 7 ndi K4,200,000. Dola ndawerengera pa K1,750 ndiye zonse ndi K17,500,000

Wa ku Akaunti: Pa K17,500,000 imeneyo si yonse yanu yogwiritsa ntchito. Ndalama idzadutsira kuti? Opereka ambiri sapereka mu akaunti ya munthu, amafuna bungwe, kaya yunivesite kaya chipatala, ndipo bungwe limatenga gawo lake la ovahedi. Komanso komiti yovomereza kafukufuku, kaya mupita ku COMREC kaya ku NHSRC, kuli ndalama yolipira popereka fomu komanso kuli nkhani ya 10 peresenti ya bajeti, ndiye alembereni muwafunse kuti pa granti ngati yanuyi mulipira zingati ndipo liti, yankho lake mulisunge. Tingoyerekeza kuti zonse pamodzi ndi 10 peresenti yokha ndipo iyenera kukwana mkati mwa malire. Ambiri amachotsa 10 peresenti pa 17,500,000 nkupeza 15,750,000, koma ngati peresentiyo ikuwerengedwa pa ndalama zogwirira ntchito, mu Excel lembani chonchi

```
=17500000/1.1
```

Zikupatsani pafupifupi K15,909,000. Kusiyana kwake ndi K159,000, ndi ndalama yogulira rekoda imeneyo. Chinanso, opereka ena ali ndi malire awo pa ovahedi, mwachitsanzo a NIH aku America akhala akupereka 8 peresenti yokha kwa mabungwe a kunja kwa dziko lawo, ndipo ma granti ang'onoang'ono ena salipira nkomwe. Zikatero muyenera kukambirana ndi bungwe lanu musanatumize, osati mutawina kale.

Nangozo: Awa alemba kuti amalola mpaka 10 peresenti. Koma ngati bungwe litenga 10 komiti nayonso 10 ndiye bwanji?

Wa ku Akaunti: Nchifukwa chake ndikuti funsani mwa kalata. Zimatengera kuti mukudutsira bungwe liti ndi komiti iti, nthawi zina ndi ndalama imodzi yomweyo, nthawi zina ndi ziwiri ndipo ya komitiyo mumailemba ngati mzere wake pawokha. Pakali pano gwirani 15,909,000 ngati denga, podziwa kuti likhoza kutsika.

Achimwene a Deta: Musaiwale ya otenga nawo mbali. Lamulo ndi madola 10 munthu aliyense, palibe zokambirana

Anaphiri: Madola 10 wo ndi oona kuti ndi nambala imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuno kwathu pa ulendo uliwonse wa kafukufuku, koma kunena kuti palibe zokambirana ayi. Komiti imayang'ana zimene walemba ndi chifukwa chake, munthu wamutengera nthawi yaitali bwanji, wayenda ulendo chifukwa cha iwe kapena wamupeza ali kale pa bedi. Koma pa bajeti ika nambala yaikuluyo, chifukwa ukaika yochepa komiti nkukuuza kuti ukweze, ndalamayo uitenga kuti? Nangozo werengera, mayi aliyense ukumana naye kangati?

Nangozo: Kawiri, potuluka ndi pa mapeto a masabata anayi. 200 kuchulukitsa kawiri kuchulukitsa K17,500 ndi K7,000,000. Mayo ine. Ine ndinaika K1,000,000 yokha ya sopo ndi zakumwa

Sisita wa ku Leba: Komanso pamenepo samala Nangozo, kafukufuku wako akufuna kuona ngati amayi abwerera okha. Ukawauza kuti mukabweranso mudzalandira K17,500, onse abwera, ndiye udzapeza kuti vuto palibe pomwe vuto lilipo. Ndalama ya kachiwiriyo isamangiriridwe pa kubwera ku sikelo

Anaphiri: Sisita mwagunda penipeni. Zimenezi si za bajeti zokha, zikukhudza zotsatira. Kukumana kwachiwiriko kuchitike masiku a sikelo atadutsa, kunyumba kapena pa foni, ndipo fomu ya chilolezo inene momveka kuti ndalamayo mayi adzalandira kaya anabwera ku sikelo kaya sanabwere. Koma ukatero mafuta akwera chifukwa ndiwe amene ukuyenda.

Mai a Tada: Pa foni mukhumudwa, amayi ambiri nambala amapereka ya amuna awo kapena ya aneba, ukaimba akuti ali kudimba, mawa yazima. Ife pa za katemera timavutika nazo. Tengani manambala awiri komanso dzina la mudzi ndi la mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo

Nangozo: Zikomo mai a Tada ndalemba. Mafuta ndi kabaza ndinaika K350,000 pa mwezi chifukwa ziwiri zija zili kutali, pa miyezi 7 ndi K2,450,000

Anaphiri: Tsopano macheza ako aja. Walemba ndalama zingati ndi masiku angati a kulemba zimene zajambulidwa mu rekoda?

Nangozo: Sindinaike ndalama, ndimati ndizilemba ndekha madzulo ndikaweruka, ndinapatsa masabata awiri

Anaphiri: Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ophunzira anga ambiri amagwera. Macheza 20, aliwonse mphindi 45, ndi maola 15. Magulu 4, lililonse ola ndi theka, ndi maola 6. Pamodzi maola 21 a mawu. Ola limodzi la mawu kuti ulilembe liwu ndi liwu limadya maola 6, ndipo la gulu limaposa pamenepo chifukwa amayi amalankhula nthawi imodzi, mwana akulira pambali, wina akuyankhulira pansi, umabweza kachidutswa kamodzi kasanu. Maola 21 kuchulukitsa 6 ndi maola 126. Amenewo ndi a Chichewa okha. Kenako kumasulira kupita m'Chingerezi, tingoikanso maola ngati omwewo, zikukwana 252. Munthu amene ntchito yake ndi yomweyo, atakhala maola 6 pa tsiku, ndi masiku 42 a ntchito, miyezi iwiri yathunthu. Iwe ukuchokera ku shifiti, mwina unali wekha ndi ana 20 mu nesale, ukafika kunyumba ukhoza maola awiri ngati magetsi alipo. Maola 252 pa maola awiri ndi masiku 126. Ndiye masabata awiri ako aja ndi miyezi inayi yosapuma ngakhale Lamulungu.
Langizo langa, lemba munthu wolemba ndi kumasulira, umulipire pa ola la mawu osati pa tsiku, ndipo ayambe macheza oyamba akangochitika, asadikire kuti onse athe. Iwe ntchito yako ikhale kumvera nkuyerekeza ndi zimene walemba, makamaka oyambirira, chifukwa mawu ngati akuti mwana anali ndi liwombo kapena apongozi anati asatuluke chikuta chisanathe, womasulira wosadziwa za uchembere amawaphwanya. Ndipo ngati dera lako kuli olankhula Chiyao kapena chilankhulo china, mafomu a chilolezo ndi mafunso ayenera kumasuliridwanso, imeneyo ndi ndalama ndi masiku.

Wa ku Akaunti: Ndipo tengani kotesheni yolembedwa kwa munthuyo, mumufunse ngati mtengo wake ukuphatikiza msonkho umene bungwe limadula kupita ku MRA. Ambiri amatchula ndalama imene akufuna kuigwira m'manja, tsiku lolipira akaona yadulidwa mkangano umayamba ndipo mafailo anu amawagwira.

Nangozo: Ndafunsa mnzanga amene anachitapo, akuti K60,000 pa ola la mawu kulemba ndi kumasulira. Maola 21 ndi K1,260,000. Ndiye ndaphatikiza, othandizira 4,200,000, amayi 7,000,000, mayendedwe 2,450,000, kulemba 1,260,000, zakwana K14,910,000. Pa 15,909,000 patsala pafupifupi K1,000,000. Koma sindinaike maphunziro a othandizira, kuyesa mafunso, matabuleti, rekoda, mayunitsi, kusindikiza mafomu, amayi a m'magulu aja, ndalama ya fomu ku komiti, ndi msonkhano wa zotsatira. Sizikukwana olo pang'ono

Achimwene a Deta: Matabuleti chotsani, ikani KoboToolbox pa mafoni a othandizira, ndi yaulere ndipo imagwira popanda netiweki, deta imapita mukafika pamene pali netiweki. Kenako sampo itsitseni ifike 100 basi nkhani yatha

Anaphiri: Ya KoboToolbox ndi nzeru yabwino, ngakhale komiti idzafunsa kuti deta ya amayi pa foni ya munthu ikutetezedwa bwanji, ndiye yankho likhale lokonzeka. Koma sampo siimatsitsidwa chifukwa ndalama yachepa achimwene. Nangozo, 200 yo inachokera kuti?

Nangozo: Anandiwerengera a za masamu, inatuluka 180 ndi kena kake tinawonjezera ya amene adzasowe

Anaphiri: Ndiye ukaitsitsa kufika 100 uyenera kubwerera kwa iwo akuuze kuti yankho lako lidzakhala lotayirira bwanji, nkulemba zimenezo poyera. Ukangosintha nambala mwakachetechete wowunika adzawerengera yekha nkuona kuti sizikugwirizana. Tsopano tione miyezi, chifukwa kumenekonso sikukukwana. Walemba mwezi umodzi wa chilolezo. Komiti isanalandire fomu yako imafuna kalata yochokera kwa akuluakulu a zaumoyo pa boma lako, ndipo m'maboma ambiri umayamba wakaonekera ku komiti ya kafukufuku ya pa boma pomwepo. Komiti yaikulu ili ndi masiku ake olandirira mafomu, ukaphonya ndi tsiku limodzi wadikira ulendo wina. Ndipo kawirikawiri imabweza ndi ndemanga, ukonze, utumizenso. Palibe cholakwika pamenepo, ndi ntchito yawo, koma iwe ika miyezi itatu. Mwezi wachinayi kulemba othandizira, kuwaphunzitsa, kuyesa mafunso pa amayi ochepa nkukonza. Miyezi 7 ya deta. Tafika 11. Watsala ndi mwezi umodzi woti umalize macheza, usanthule, ulembe lipoti la ntchito ndi la ndalama, ukafotokozenso zotsatira. Sizingatheke, pamafunika itatu. Ndiye kafukufuku wako monga alili ndi wa miyezi 14.

Wa ku Akaunti: Onjezerani kuti tsiku limene akuuzani kuti mwawina si tsiku limene ndalama ifika. Pali kusainirana, kutsegula kodi ya projekiti, nthawi zina mwezi kapena iwiri. Funsani kuti miyezi 12 yo ikuyamba kuwerengedwa liti, pa kusaina kapena ndalama ikalowa. Ambiri amaperekanso m'zigawo, gawo lachiwiri limabwera mukapereka malisiti a loyamba, ndiye pa bajeti yanu onetsani ndalama zofunika pa miyezi itatu iliyonse kuti musadzapezeke othandizira ali m'mudzi koma akaunti ili mbee.

Sisita wa ku Leba: Ukhoza kupulumutsa miyezi poyamba za chilolezo pano, usanadziwe ngati wawina. Ine ndinatero

Nangozo: Koma ndalama ya fomu ndilipira ndi ya m'thumba? Ndipo ndikapanda kuwina?

Wa ku Akaunti: Ndipo opereka ambiri sabweza ndalama imene munagwiritsa mgwirizano usanayambe, ndiye ikhoza kukhala yanu yotayika ngakhale mutawina. Kalata ya ku boma ndi kumasulira mafomu mukhoza kuyamba pano, sizidya zambiri. Kupereka ku komiti ine ndingadikire kalata yoti mwawina.

Sisita wa ku Leba: Ine ndikuonabe kuti kulipira wekha nkwabwino kuposa kutaya miyezi itatu, koma zili ndi thumba la munthu. Ungokumbukira kuti chilolezo chimakhala cha chaka chimodzi, ukachitenga msanga udzafunika kuchiwonjezera deta isanathe

Mai a Tada: Nanga mvula mwaiwerengera? Akuti ntchito iyamba liti?

Nangozo: Akuti Juni

Mai a Tada: Ndiye werengani, Juni Julayi Ogasiti chilolezo, Seputembala maphunziro, deta kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Mwalowa m'dzinja lonse sisi. Ma helefi senta akutaliwo Januwale ndi Febuluwale galimoto imafika? Kwathu kuno mtsinje ukadzaza timatha sabata ambulansi osawoloka, za Freddy mu Malichi 2023 sindinena nkomwe. Kabaza nayenso amakweza mtengo kukakhala matope. Komanso Disembala masabata awiri omaliza musawawerengere

Anaphiri: Mai a Tada mwatithandiza. Pa tebulo timalemba mwezi 1, mwezi 2, koma pambali uzilemba ndi pensulo maina enieni a miyezi kuti uone zimenezi. Ndipo dzinja likukhudzanso funso lako lenilenilo, amayi amalephera kubwerera kwambiri nthawi ya mvula ndi ya kumunda, ndiye deta ya dzinja lokha ikhoza kukuza vutolo. Uzilembe mu propozo.
Njira ndikuona ziwiri. Yoyamba, chotsa zipatala ziwiri zakutali. Utsala ndi amayi 36 pa mwezi, olowa 29, miyezi 7 kuphatikiza umodzi wotsatira ndi 8. Mafuta atsika mwina kufika K150,000 pa mwezi, K1,200,000 yonse, koma othandizira akwera ndi K600,000. Wapulumutsa K650,000 yokha, nthawi yatalika, ndipo wataya amayi akutali amene mwina ndi amene ali ndi vuto lenileni. Sindikuikonda. Yachiwiri, funso lakuti ndi angati uliyankhe ndi marejisitala a chaka chathachi. Amayi 45 pa mwezi ndi 540 pa chaka, kuposa 200 yako, ndipo muli dzinja ndi chilimwe chomwe. Anthu awiri, aliyense mafailo 20 pa tsiku, ndi masiku 14, tinene mwezi umodzi ndi maulendo omwe. K7,000,000 ija yachoka, patsala ya amayi 20 ndi a m'magulu, tinene anthu 52 pa K17,500, K910,000. Ndalama ndi mphamvu zako zipite ku funso lakuti chifukwa chiyani, limene ndi mtima wa nkhani yako. Miyezi 12 ikwana bwinobwino.

Sisita wa ku Leba: Amayi Anaphiri ndi ulemu wonse, marejisitala athuwa mukuwadziwa. Danga la kubwereranso nthawi zambiri limakhala lopanda kanthu, ndiye sudziwa kuti mayi sanabwere kapena anabwera koma namwino anali yekha sanalembe. Ena amalembedwa mu buku la mwana lokha limene lili kunyumba. Ena anatuluka pa chipatala chachikulu nkumakapimitsa ku helefi senta ya kwawo, mu rejisitala ya Nangozo aoneka ngati anasowa. Akhoza kupulumutsa ndalama nkupeza nambala yabodza

Anaphiri: Simukunama sisita, ndipo nchifukwa chake sindikuti asankhe lero. Nangozo, mawa tenga rejisitala yanu, sankha miyezi iwiri, umodzi wa dzinja umodzi wa chilimwe, ungowerenga kuti pa mizere yonse ndi ingati imene danga limenelo ladzazidwa, osalemba maina a anthu. Ngati yambiri ili yodzaza njira yachiwiri ikuyenda. Ngati theka lili lopanda kanthu tibwerere ku kutsatira amayi, koma ndi zipatala zochepa kapena kukumana kamodzi, ndipo ubwerere kwa a masamu aja.

Achimwene a Deta: Kapena afunseni opereka ngati amalola miyezi 18, ena amawonjezera nthawi popanda kuwonjezera ndalama

Wa ku Akaunti: Amawonjezera ena, koma imeneyo imapemphedwa ntchito ili mkati pakachitika zosayembekezeka, simungalembe propozo ya miyezi 12 mukudziwa kale kuti ndi ya 14. Ndipo othandizira pa miyezi yowonjezerayo adzalipidwa ndi chani? Nangozo chinanso, nthawi yanu inuyo. Masiku amene mudzakhale ku macheza nesale atsala ndani? Ngati mudzafunika wa lokamu muikeni mu bajeti ngati malamulo awo akulola, ndipo kalata ya a metroni yovomera kuti adzakumasulani masiku akutiakuti muiphatikize.

Nangozo: Za a metroni sindinaganizeko, ndikawaona Lolemba. Mawa ndili pa dei ndiye nthawi ya nkhomaliro nditsegula rejisitala, ndasankha Febuluwale ndi Julayi. Ndawapemphanso anzanga a ku ma helefi senta awerenge miyezi yomweyo. A ku Akaunti, kalata yofunsa za 10 peresenti ija ndiilembere komiti kaye kapena bungwe kaye?

Wa ku Akaunti: Onse awiri tsiku limodzi, masabata awiri ndi ochepa. Mukamaliza nditumizireni shiti yanu ya Excel ku inibokosi, mzere uliwonse ukhale ndi kuchuluka, mtengo wa chimodzi, ndi miyezi, osati nambala yomaliza yokha, ndiione usiku.

Sisita wa ku Leba: Ndipo ukawerenga utiuze kuno Nangozo, ndikufuna ndidziwe ngati ya kwanu ili bwino kuposa yathu